Supuni imodzi ya ufa wa chamwamba: muli chiyani, nanga kafukufuku wapeza zotani?

Kwathu ku Chigwa cha Shire, mtengo wa chamwamba sitinkauona ngati mankhwala. Unali mpanda wa bafa ndi khola la mbuzi. Unkangodula nthambi, kuizika pansi, mvula ikagwa yaphuka. Mwezi wa Okutobala, dzuwa litawamba zonse za kudimba, azakhali anga ankathyola nsonga zake, kupulula timasamba m'lichero, n'kutiphikira ndiwo zotendera. Ena kumeneko amautcha sangowa, kwina amati kangaluni. Lero mtengo womwewo uli m'mabotolo m'masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe, dzina lake ndi moringa, ndipo pabotolopo palembedwa matenda ambirimbiri amene akuti umachiza.

Ine mtengowu ndimaukonda, ndipo ndimafuna ana athu aziudya. N'chifukwa chake zimandipweteka mayi akagula kabotolo ka makapisozi ndi ndalama imene akanagulira usipa ndi mtedza, poganiza kuti wapeza chothetsera kuchepa magazi kwa mwana wake. Ufawu uli ndi phindu lenileni, koma phindulo lili ndi malire ake, ndipo malirewo amaoneka bwino tikasiya kuwerengera pa magalamu 100 monga zimalembedwera pamapepala, n'kuyamba kuwerengera pa supuni imene imalowadi m'phala.

Kumene mbiri yake inachokera

Dzina lake la sayansi ndi Moringa oleifera, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa dziko la India. Unafalikira m'maiko otentha chifukwa suvuta: umakula msanga, umapirira chilala, ndipo m'malo otentha ngati ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Salima, ukamausadza umapitiriza kutulutsa masamba ngakhale nyengo imene masamba ena asowa. Ichi ndiye chifukwa choyamba chimene akatswiri a kadyedwe anaukondera. Si kuti tsamba lake ndi lodabwitsa kuposa masamba onse, koma limapezeka pakhomo, laulere, panthawi ya usiwa wa ndiwo.

Kutchuka kwa ufa wake mu Africa kunayambira makamaka ku Senegal. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la Church World Service, motsogozedwa ndi Lowell Fuglie, linaphunzitsa azaumoyo ndi amayi a m'dera la Casamance kuyanika masambawa, kuwasinja, ndi kuthira ufawo m'chakudya cha ana onyentchera, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Azaumoyo anafotokoza kuti ana ankanenepa ndipo amayi ankapeza mphamvu. Fuglie analemba zimenezi m'buku lotchedwa The Miracle Tree, ndipo mabungwe ambiri anatengera pomwepo. Koma ntchito ya ku Casamance sinali kafukufuku woyerekeza magulu awiri. Panalibe gulu la ana ofanana nawo amene sanalandire ufawo kuti tione kusiyana. Mwana amene mayi ake ayamba kupita naye kusikelo, kulangizidwa za kaphikidwe, ndi kumudyetsa pafupipafupi, amanenepa ngakhale popanda chamwamba. Mu 2005, Jed Fahey wa pa yunivesite ya Johns Hopkins, amene ndi mmodzi mwa okonda mtengowu, anaunika zimene zinali zitalembedwa ndipo ananena poyera kuti zambiri zonenedwa za machiritso ake zinali zisanayesedwe mokwanira pa anthu.

Palinso mawu amene pafupifupi aliyense wogulitsa ufawu amawadziwa pamtima: akuti chamwamba chili ndi vitamini C kuposa malalanje ka 7, vitamini A kuposa karoti ka 4, kashiamu kuposa mkaka ka 4. Manambalawa sanangopekedwa. Anachokera m'mabuku a ku India oyeza zakudya, ndipo ankanena za masamba aawisi, kuyerekeza galamu ndi galamu. Vuto limabwera akawamata pabotolo la ufa. Vitamini C sapirira kuyanika. Masamba aawisi angakhale ndi mamiligalamu 50 mpaka 200 pa magalamu 100, koma mu ufa mumatsala ochepera 20. Komanso munthu amatha kumwa kapu yonse ya mkaka, magalamu 250, nthawi imodzi. Ndani angadye magalamu 250 a ufa wa chamwamba? Supuni ziwiri zokha phala layamba kale kuwawa.

Tiyeze supuni

Tiyerekeze mwana wa zaka ziwiri amene mayi ake amuphikira phala la mgaiwa m'mawa, n'kuthiramo supuni yaikulu imodzi yodzaza bwino. Supuni yotero imalemera pafupifupi magalamu 8. Kasupuni ka tiyi ndi magalamu 2 kapena kuposerako pang'ono.

Ufa wouma bwino umakhala ndi mapuloteni, zija timati zomanga thupi, pafupifupi magalamu 27 pa magalamu 100. Pa supuni yathuyi ndiye kuti magalamu 2 ndi pang'ono. Mwana wa msinkhu uwu amafunika pafupifupi magalamu 13 patsiku, choncho supuniyo yamupatsa gawo limodzi mwa magawo 6. Si zochepa ayi, ndipo mapuloteni a masambawa amathandizana bwino ndi a chimanga, amene amaperewera zina. Koma dzira limodzi lili ndi magalamu 6, ndipo nsinjiro zodzaza supuni yomweyo zili ndi mapuloteni pafupifupi ofanana ndi a chamwamba, kuwonjezera apo zili ndi mafuta.

Mafutawo ndi nkhani yaikulu, chifukwa pa mphamvu ufa wa chamwamba ulibe kanthu kwenikweni. Supuni ija ili ndi makalori pafupifupi 20, pamene mwanayo amafunika pafupifupi 1,000 patsiku. Paketi imodzi ya chiponde chimene amapereka kuchipatala kwa ana onyentchera kwambiri ili ndi makalori 500. Apa ndikufuna ndinene mosazungulira: mwana amene watupa mapazi, kapena amene kalamba koyezera mkono kafika pofiira, malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Chamwamba sichingalowe m'malo mwa chiponde ngakhale pang'ono.

Kumene ufawu umaoneka bwino ndi pa kashiamu. Pa magalamu 100 mumapezeka mamiligalamu 1,500 mpaka 2,000, kutanthauza kuti supuni ija ili ndi 120 mpaka 160. Mwana wa zaka ziwiri amafunika pafupifupi 500 patsiku. M'mabanja amene mkaka ndi wosowa, ichi ndi chopereka chooneka. Gawo lina la kashiamuyo limakhala lomangika ndi mchere wina wa m'masamba wotchedwa okizaleti ndipo limangodutsa m'mimba, komabe chotsalacho n'chothandiza.

Chachiwiri ndi vitamini A. M'masamba mulibe vitamini A weniweni. Muli bitakarotini, amene thupi limamusandutsa vitamini A, ndipo limataya wambiri posandutsapo: pamafunika magawo 12 kapena kuposa a bitakarotini wa m'zakudya kuti papezeke gawo limodzi la vitamini A. Ufa watsopano woyanikidwa pamthunzi, supuni imodzi ingapatse mwana pafupifupi kota ya vitamini A wa tsikulo. Pali zinthu ziwiri zofunika kuti zimenezi zitheke. Phalalo likhale ndi mafuta, kaya nsinjiro kaya kadontho ka mafuta ophikira, chifukwa bitakarotini amalowa m'thupi poyenda ndi mafuta. Ndipo ufawo ukhale usanapsye ndi dzuwa kapena kugonera miyezi yambiri. Tisaiwalenso kuti vuto la vitamini A ku Malawi latsika kwambiri. Mu 2001 ana ang'ono oposa theka anali operewera vitamini ameneyu, koma kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza pafupifupi 4 pa 100 alionse. Pakatipa panabwera shuga ndi mafuta ophikira othiridwa vitamini A, kuwonjezera pa timakapisozi timene ana amalandira kusikelo miyezi 6 iliyonse.

Nkhani ya magazi

Tsopano tifike pa ayironi, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amaika chiyembekezo chawo. Mawu akuti "chamwamba chimawonjezera magazi" ndawamva m'minibasi, kutchalitchi, ngakhale pamzere wa kusikelo. Ndipo vutolo ndi lenileni: kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali ochepa magazi, ndipo 37 pa 100 anali opinimbira.

Papepala, ufawu umaoneka wolemera ndi ayironi: mamiligalamu 20 mpaka 30 pa magalamu 100. Supuni ija ndiye kuti ili ndi pafupifupi mamiligalamu 2. Koma ayironi amene walowa m'kamwa si amene amafika m'magazi. Ayironi wa m'nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa m'masamba ndi m'mbewu amavuta, ndipo pali zinthu zimene zimamugwira m'matumbo asanalowe. Gaga wa mu mgaiwa ali ndi faiteti, amene amamanga ayironi. Masamba a chamwamba ali ndi timichere towawa tofanana ndi ta mu tiyi, timene timachita chimodzimodzi. Kashiamu yemwe tamuyamikira uja nayenso amalimbirana njira ndi ayironi. Ndipo vitamini C, amene akanathandiza kumasula ayironiyo, watha ndi kuyanika. Pa chakudya cha mtundu uwu, thupi limatengapo mwina magawo 5 okha pa 100. Magawo 5 pa 100 a mamiligalamu 2 ndi 0.1. Mwana wa zaka ziwiri amafunika kuti m'magazi mwake mulowe pafupifupi 0.5 patsiku kuti angokhala bwino, osati kuchira. Supuniyo yathandizako, koma siingadzutse mwana amene magazi ake atsika kale.

Masamu amenewa akugwirizana ndi zimene zinapezeka atayesa pa anthu. Ku Dakar, m'dziko la Senegal lomwelo, ofufuza anatenga amayi oyamwitsa 82 ochepa magazi n'kuwagawa mwamaere. Gulu lina linkalandira magalamu 100 a ufa wa chamwamba pamlungu, amene ndi pafupifupi supuni ziwiri patsiku. Gulu lina linkalandira mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi. Zotsatira zinatuluka mu 2011. Patatha miyezi itatu, himogulobini, chija amayeza akabaya chala, inakwera m'magulu onse awiri, koma inakwera kwambiri mwa omwa mapiritsi. Chofunika koposa chinali muyeso wina wotchedwa feritini, umene umaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, ngati chimanga cha m'nkhokwe. Mwa omwa mapiritsi za m'nkhokwemo zinawonjezekera. Mwa odya chamwamba sinasinthe. Ofufuzawo anamaliza kunena kuti ayironi wa mu ufawu salowa bwino m'thupi.

Ku Ghana anayesa pa makanda oposa 200 a miyezi 8 mpaka 12, powagawanso mwamaere. Ena ankadya phala la chimanga chosakaniza ndi mbewu za mtundu wa nyemba, lofanana ndi Likuni Phala wathu. Ena ankalandira magalamu 5 a chamwamba patsiku, osakaniziratu m'phalalo kapena owaza pachakudya cha pakhomo. Patatha miyezi inayi, malinga ndi zimene zinasindikizidwa mu 2019, ana a chamwamba sanapose anzawo pa magazi kapena pa kakulidwe.

Pali zotsatira zina zokomera ufawu, ndipo sindikufuna kuzibisa. Ku Ouagadougou, m'dziko la Burkina Faso, ana 110 onyentchera amene ankathandizidwa pamalo operekera chakudya anagawidwa pawiri, ena n'kumawonjezeredwa magalamu 10 a ufawu m'phala tsiku lililonse. Ana a chamwamba ananenepa msanga kuposa anzawo, ngakhale kuti magazi awo sanasinthe kwenikweni. Ku Kisarawe, m'dziko la Tanzania, ana ochepa magazi osakwana zaka ziwiri anapatsidwa ufawu kwa miyezi 6, ndipo magazi awo anakwera kuposa a ana amene amayi awo anangolandira uphungu wa kadyedwe. Zimenezi n'zolimbikitsa. Koma ana a ku Kisarawe aja anali osakwana 100, sanagawidwe mwamaere mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankadziwa amene akulandira ufa. Pa kuchepa magazi zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa ayironi si yekha amene amatsitsa magazi. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi matenda obwerezabwereza zimatsitsanso. Mudzi wina ukakhala ndi malungo ochepa chaka chimenecho, ana ake adzaoneka ngati athandizidwa ndi ufa.

N'chifukwa chake mwana wotuwa m'zikhatho ndi m'zikope, wofooka, wopuma mwabefu akangothamanga pang'ono, afunika kukayezedwa kaye kuti chomwe chikumudya magazi chidziwike. Chimodzimodzi mayi woyembekezera. Piritsi limene amalandira kusikelo limakhala ndi ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60. Kuti apeze mamiligalamu 60 kuchokera ku chamwamba, angafunike supuni pafupifupi 30 patsiku, ndipo ngakhale atatero ayironiyo sangalowe ngati wa m'piritsi. Ndikudziwa kuti mapiritsiwo amachititsa nseru ndi kudzimbidwa, ndipo amayi ena amawasiya n'kumati ndikumwa zachilengedwe. Kusinthanitsa kumeneko n'koopsa kwa mayi ndi mwana yemwe. Ndi bwino kuwauza anamwino za nseruyo kuti athandize kamwedwe kake, ndiwo za chamwamba n'kumadya pambali.

Nanga makapisozi? Kapisozi mmodzi amakhala ndi theka la galamu kapena kucheperapo. Kuti mufike pa supuni imodzi ija muyenera kumeza makapisozi 16 kapena 20. Amene amamwa awiri patsiku akupeza galamu imodzi ya tsamba louma, ndipo pa nkhani ya chakudya, galamu imodzi ndi kufumbata mphepo.

Mkaka wa m'mawere, shuga ndi kachilombo

Ku Philippines, kumene mtengowu amautcha malunggay, amayi akhala akumwa msuzi wa masamba ake kuyambira kale kuti mkaka utuluke wambiri. Kafukufuku wina wa kumeneko wa m'chaka cha 2000, pa amayi amene anabereka masiku asanakwane, anapeza kuti omwa makapisozi a chamwamba ankafinya mkaka wochulukirapo pa tsiku lachinayi ndi lachisanu kuposa omwa makapisozi ongofanizira. Ku Thailand anayesa pa amayi 88 m'masiku atatu oyamba atachira. Mkaka unaoneka wochulukirapo mwa omwa chamwamba, koma kusiyanako sikunali kokwanira kuti ofufuza atsimikize kuti sizinangochitika mwamwayi. Mwa zonse zimene zimanenedwa za ufawu, iyi ndi imodzi mwa zimene zili ndi kaumboni, ngakhale kakadali kochepa komanso ka masiku owerengeka. Chimene chimachulukitsa mkaka motsimikizika ndi kuyamwitsa pafupipafupi ndi kumuika bwino mwana kubere. Ndipo khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe ufawu, kaya m'madzi kaya m'phala. Wodya ndi mayi.

Pa matenda a shuga, zambiri zimene mumamva zinachokera ku makoswe a m'malabu, amene amapatsidwa madzi otcheza masamba pa mlingo waukulu kuyerekeza ndi thupi lawo. Pa anthu, zotsatira zake n'zosakanikirana. Ku Thailand mu 2017, odwala shuga 32 amene anali asanayambe mankhwala anagawidwa pawiri, ena n'kumamwa magalamu 8 patsiku kwa milungu inayi. Shuga wawo sanatsike kuposa wa anzawo. Ku Spain mu 2021, anthu 65 amene shuga wawo anali atangoyamba kukwera anayesedwa kwa milungu 12 ndi magalamu 2.4 patsiku, ndipo panaoneka kutsika pang'ono. Kutsika kotero sikungalowe m'malo mwa metifomini kapena jakisoni wa insulini. Amene ali pamankhwala a shuga ndipo akufuna kumadya ufawu tsiku lililonse awauze adokotala ndipo azidziyeza, chifukwa ngati ufawo ukutsitsadi shuga, ukaphatikizana ndi mankhwala ungatsitse mopitirira. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi chizungulire.

Magulu ambiri a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kuno kwathu, ku Zambia ndi ku Zimbabwe anadzala chamwamba, ndipo mafunso awiri amabwera kawirikawiri. Loyamba: kodi chimasokoneza ma ARV? Ku Zimbabwe anayesa pa anthu 11 omwa ma ARV otchedwa nevirapini, powapatsa ufa wosakwana magalamu 2 patsiku kwa masiku 14, ndipo mlingo wa mankhwalawo m'magazi sunasinthe kwenikweni. Zimenezo zikunena za mankhwala amodziwo, pa mlingo wochepawo. Ambiri lero akumwa mankhwala okhala ndi dolutegiravi, amene amadziwika kuti amagwidwa ndi mapiritsi a kashiamu ndi ayironi akamwedwa pamodzi m'mimba muli mopanda kanthu. Popeza ufawu uli ndi kashiamu wambiri, n'kwanzeru kusameza mankhwalawo ndi kapu ya madzi a chamwamba, ndi kuwafunsa azaumoyo za nthawi yoyenera kusiyanitsa. Funso lachiwiri: kodi chimakweza chitetezo? Ku Kano, m'dziko la Nigeria, anthu 200 amene anali kale pa ma ARV anayesedwa kwa miyezi 6, ena akulandira magalamu 20 patsiku. CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, inakwera mwa odya chamwamba kuposa anzawo, koma kuchuluka kwa kachilombo m'magazi sikunasiyane. Onsewo anali pamankhwala. Palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti chamwamba chimapha kachilomboka.

Ufa wabwino ndi ufa wowonongeka

Manambala onse ndatchula aja akunena za ufa wokonzedwa bwino. Ufa wa masamba omwewo ungakhale ndi theka lokha la bitakarotini, kapena kucheperapo, malinga ndi mmene unayanikidwira.

Thyolani masamba obiriwira bwino, osati achikasu kapena a mawanga, ndipo pewani mitengo ya m'mbali mwa msewu wa fumbi kapena pafupi ndi chimbudzi ndi dzala. Atsukeni ndi madzi amene mungamwe akadali kumitengo yake, muwakutumule madziwo, kenako mupulule. Timitengo tambiri tikalowa mu ufa timangochulukitsa zinyalala. Ayanikeni mopyapyala pansalu yoyera kapena pathandala la ukonde, m'chipinda kapena pakhonde podutsa mphepo, pomwe dzuwa silifika ndipo nkhuku ndi mbuzi sizingafike. Muziwatembenuza tsiku lililonse. Nyengo yotentha amauma m'masiku atatu kapena anayi. Auma mukawafinya m'manja n'kumva kuti tswatswa, akufumbutuka. Akamapindika osathyoka, sanaume, ndipo mukawasinja choncho ufa udzachita nkhungu. Nyengo ya mvula ndi yovuta kwambiri pa ntchito imeneyi: masamba akatha masiku ambiri ali a chinyezi amada ndi kununkha chuku, ndipo otero ndi otaya.

Tsiku loyamba kuyanika ndinadabwa. Lichero lodzaza mpaka kusefukira linasanduka kaufa kosadzaza kapu. Masamba aawisi ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndiye pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba opululapulula kuti mupeze kilogalamu imodzi ya ufa. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chonse cha manambala aakulu aja: madzi achoka, zotsalazo zaunjikana. Mfutso wa nkhwani, wa khwanya, wa chisoso kapena bonongwe wouma umachitanso chimodzimodzi, ndipo ukayezedwa nawonso umapezeka ndi kashiamu ndi ayironi wambiri. Agogo athu pofutsa masamba ankachita kale zimene lero zikugulitsidwa m'botolo. Chamwamba chimaposa masamba ambiri pa mapuloteni ndi pa kupezeka kwake m'chilimwe, koma kumene sichimera bwino, monga kumapiri ozizira a ku Dedza, palibe chifukwa chodandaulira ngati mfutso ulipo.

Mukasinja mumtondo wouma ndi kusefa, sungani ufawo m'botolo lotseka bwino, losaonetsa kuwala, ndipo muumalize m'miyezi itatu kapena inayi. Maso anu ndiwo muyeso woyamba. Ufa wabwino ndi wobiriwira kwambiri ndipo umanunkhira ngati tsamba. Ukakhala wotuwa, wofiirira ngati fodya, kapena wochita zibuma, ndiye kuti unayanikidwa padzuwa, wakalamba, kapena walowa chinyezi. Timapaketi ta pulasitiki toonekera timene timakhala pabenchi pamsika tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo timataya vitamini A tisanagulidwe n'komwe.

Ukhondo si nkhani yaing'ono, chifukwa ufawu nthawi zambiri umadyedwa wosaphika. Mu 2025 ku America anthu anadwala matenda otsegula m'mimba a salimonela atadya zinthu zokhala ndi ufa wa masambawa, ndipo katunduyo anachotsedwa m'masitolo. Kuuma sikupha tizilombo timeneti. Kwa mwana wamng'ono, thirani ufawo m'phala likadali pamoto, litakhala pang'ono kupsa, libwate nawo mphindi ziwiri kapena zitatu. Kutentha kwa nthawi yochepa chotero sikuwononga kashiamu, ayironi kapena mapuloteni, ndipo bitakarotini wambiri amatsala.

Masamba ndiwo chakudya. Mizu ndi makungwa ndi nkhani ina: muli mankhwala amphamvu amene angavulaze, ndipo m'madera ena akhala akugwiritsidwa ntchito pochotsa mimba, choncho mayi woyembekezera asazikhudze. Dziko la Brazil mu 2019 linaletsa kugulitsa zakudya zokhala ndi moringa, ponena kuti panalibe umboni wokwanira woti n'zosavulaza m'njira zimene zinkagulitsidwira, komanso kuti otsatsa ankalonjeza machiritso a matenda ngati khansa ndi shuga. Masamba odyedwa ngati ndiwo, kapena supuni imodzi kapena ziwiri za ufa patsiku, sanaonetse vuto lalikulu m'kafukufuku amene ndafotokoza uja. Chimene chimachitika kawirikawiri munthu akayamba ndi wambiri ndi kutsegula m'mimba ndi nseru.

Ndiye tibwerere ku phala la mwana wa zaka ziwiri uja. Mayi ayambe ndi theka la kasupuni ka tiyi, chifukwa mwana akakana phala lobiriwira lowawa n'kudya theka lokha, wataya zambiri kuposa zimene ufawo wabweretsa. Pakatha masiku angapo awonjezere pang'onopang'ono mpaka supuni yaikulu imodzi patsiku, yogawa m'zakudya ziwiri. M'phalamo mukhale supuni ya nsinjiro, yopereka mafuta onyamula vitamini A ndi mphamvu zimene chamwamba chilibe. Ngati pali usipa kapena matemba, awakazinge pang'ono, awasinje ndi mitu yomwe, athiremo kasupuni: umo ndimo muli ayironi wolowa msanga ndi zinki, ndipo nsombayo imathandizanso ayironi wa m'masamba kulowa. Akamaliza kudya amupatse chipatso cha nyengoyo, kaya bango, gwafa, papaya kapena madzi a malambe, kuti vitamini C akumane ndi ayironiyo m'mimba. Tiyi adikire kaye ola limodzi kapena awiri. Ndipo mwezi ukatha apite naye kusikelo, akaone ngati mzere wa pakhadi ukukwera.